Bakha Amene Analipira Madzi

Akuluakulu a ku ofesi ya zamadzi analengeza mwaulemu wonse kuti mjigo wa m'mudzimo tsopano wapatsidwa nambala. Anailemba ndi penti pasimenti, nalonjeza kuti zipangizo zaulere zikubwera posachedwa.

Podikira posachedwapo, komiti inasankha Mayi Woumira kukhala msungichuma. Dzinali analitenga kalekale chifukwa sopo amachita kudula ndi ulusi, ndipo anthu anati ndalama ikalowa m'manja otere siituluka wamba.

Lamulo linali losavuta. Khomo lililonse lizisonkha pamwezi mjigo usanafe, nkhalamba zisamalipire, koma oumba njerwa azilipira pa diramu, poti ndiwo amatha malabala a mjigo.

Tsoka lake, woumba njerwa wamkulu anali mwamuna wa Mayi Woumira.

"Mayi a mwana, inenso ndizilipira? Thumba la ndalamalo si ligona m'nyumba mwanga momwe?"

"Ligona, bambo, koma silidya kwanu."

Bamboyo sanalipire. Amayi apamjigo atamva, nawonso analeka kusonkha. Malabala anali ataperepeseka, moti munthu ankapopa mpaka thukuta madzi asanatuluke, ndipo ndalama zolipira mmisiri wokonza mjigo zinali zosakwana.

Tsiku la msonkhano, Mayi Woumira anafika atakwapatira bakha wonenepa wa amuna awo. Anamugulitsa pomwepo, nawerenga ndalamazo mokweza aliyense akuona.

"Alamu, bakha wakulipirirani," anatero wapampando wa komiti kwa bambo uja. "Ndiye kale amakonda madzi."

Anthu anaseka, nayamba kupisa m'matumba. Mmisiri anabwera, nazula ndodo za mjigo, nasintha malabala, madzi n'kuyambanso kutuluka msanga.

Zipangizo zaulere zija sizinafikebe. Nambala ija inafufutika ndi mvula yoyamba.