Odwala a ku Nkando

A Jailos Mulaviwa anagwira ntchito ya udokotala pa zipatala zing'onozing'ono za ku Mulanje zaka makumi awiri, kenako anayamba kuphunzitsa pa koleji ina ya zachipatala m'boma lomwelo. Anali munthu wa malaya oyera ndi bolopeni ziwiri m'thumba. Kuphunzitsa ankaphunzitsa ngati aliyense, koma chimene chinawatchukitsa ndi mafunso oyeserera mayeso.

Lachinayi lililonse ankatsegula manotsi awo, n'kusankha nthenda imodzi, n'kuyiveka thupi la munthu. Ankayamba ndi zaka za wodwala ndi kwawo, kenako chimene chamubweretsa, kenako zimene dokotala wapeza atamuyeza. Pomaliza pankabwera funso: kodi nthenda yoyamba kuiganizira ndi iti? Mayankho anayi, loona limodzi. Dzina la nthendayo silinkayenera kuoneka m'nkhanimo, ndipo a Mulaviwa ankalibisa mosamala kwambiri.

Kalasi yawo inkakhoza mochititsa mantha. Mayi Chikopa, mkulu wa kolejiyo, anawaitana n'kuwauza kuti pa mwambo wotsekera chaka adzalandira setifiketi ya mphunzitsi wopambana. Chotsala chinali kupereka malikisi a mayeso oyeserera omaliza basi. A Mulaviwa anayankha kuti zinthu zoterezi alibe nazo chidwi. Madzulo ake anakhoma msomali pakhoma la pabalaza.

Lolemba lotsatira akuwerengera kalasi funso, anangoti, "Bambo wa zaka makumi anayi, wa ku Nkando..."

"Malungo," anatero Stella, wophunzira wa chaka chachiwiri, maso ali pa foni.

"Sindinanene chimene chikumuvuta."

"Pepani aphunzitsi, pitirizani."

Anapitiriza. Kutentha thupi, kuzizidwa, kusanza, kapamba wotupa. Analidi malungo. Anawerenga lina: "Mtsikana wa ku Chinakanaka..."

"Likodzo," linatero benchi lonse lakumbuyo.

"Mukudziwa bwanji inu?"

Godwin, yemwe ankatsogolera kalasiyo, anaimirira mwaulemu. "Aphunzitsi, kwa inu wa ku Nkando sadwala china. Wothyola tiyi ndi chifuwa chachikulu. Wonyamula katundu kukwera phiri kupita ku Chambe ndi chibayo. Tili ndi pepala lake, anatisiyira a chaka chatha. Timalitcha mapu."

"Mapu," anabwereza a Mulaviwa.

"Amathandiza, aphunzitsi. Zizindikiro zija n'zambiri."

A Mulaviwa anabwerera ku ofesi n'kutulutsa mafaelo a zaka zisanu ndi chimodzi. Godwin sananame. Akugwira ntchito ku Nkando kalelo ankaona malungo tsiku ndi tsiku. Mtsikana woyamba amene anamupeza akukodza magazi kumapeto kwa mkodzo anali wa ku Chinakanaka, wosamba mumtsinje. Dzanja linangozolowera. Dzina la nthenda ankalibisa ndithu, koma yankho ankaliika pa mzere woyamba.

Mayeso omaliza anawalemba mwatsopano. Funso loyamba linati: bambo wa zaka makumi anayi, wa ku Nkando, wabwera ndi kutentha thupi ndi mutu waukulu kwa masiku awiri. Kuwala kukumupweteka m'maso. Khosi lauma, chibwano sichikufika pachifuwa. Magazi ayezedwa, malungo mulibe. Wa ku Chinakanaka anamupatsa chifuwa cha masabata atatu, kuwonda ndi thukuta la usiku. Wothyola tiyi anamupatsa ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi shuga wokwera m'magazi.

Mwa ophunzira makumi atatu ndi mmodzi, amene anaona kuti bambo wa ku Nkando ali ndi nthenda youmitsa khosi anali anayi. Ena onse anamupha ndi mankhwala a malungo. Wina analemba m'mphepete mwa pepala kuti mwina chipangizo choyezera chinali chotha ntchito.

Mayi Chikopa anayang'ana malikisiwo nthawi yaitali.

"A Mulaviwa, ana awa mwezi watha anali anzeru."

"Anali odziwa mapu, mayi."

"Bwanji osangowapatsa mafunso akale aja? Setifiketi yasindikizidwa kale, dzina lanu lilipo."

"Mwezi wamawa akupita m'mawodi. Kumeneko wa ku Nkando amadwala chimene wafuna."

"Ndiye ndilembe malikisi awa?"

A Mulaviwa anaganiza za msomali uja. Unali utakhomedwa bwino, pakati penipeni.

"Lembani omwewo."

Setifiketi anaisindikizanso, n'kuipereka kwa mphunzitsi wa zaukhondo, amene ophunzira ake onse anakhoza funso la kasambidwe ka m'manja. A Mulaviwa anaomba nawo m'manja pang'ono. Kalasi yawo inabwereza mayeso patatha masabata atatu, ikudandaula kuti tsopano funso lililonse likufuna kuliwerenga mpaka kumapeto. Anakhoza makumi awiri ndi atatu.

Akali pa kolejipo mpaka lero. Lachinayi amalembabe odwala awo, koma kwawo kwa wodwala amatola m'kachitini ka timapepala, kupatula pamene mtsinje kapena ntchito ya munthuyo ili mbali ya nthendayo. Pa msomali uja akazi awo anapachikapo kalendala ya mpingo.