Chipinda Chouma cha ku Lilanda

Edna ndi mlamu wanga, mkazi wa malemu achimwene anga a Mathews. Anabadwira m'Kanyama momwemu, mdzukulu wa mkulu wina amene anachokera ku Mzimba kudzafuna ntchito, nkutchona osabwereranso. Achimwene atamwalira anamusiyira ana awiri, Tiwo ndi Dumi, ndi kachipinda kalendi kumunsi kwa komboni, kumene madzi a mvula a Lusaka yense amadzagona. Kumeneko pansi ndi mwala, madzi salowa. Mvula ikagwa zimbudzi zimadzaza nkusefukira, ndipo anthu amayenda pa njerwa kuchoka pakhomo kukafika kumsewu.

Edna wagwirapo zonse zimene mkazi wopanda pepala la sukulu amagwira: kuchapa m'nyumba za anthu, kukazinga zitumbuwa, kukolopa m'malo odyera. Koma chimene anthu ankamudziwa nacho ndi kupemphera. Kutchalitchi kwawo amaphunzitsa kuti pakamwa pa munthu pali mphamvu, kuti chimene wanena ndicho chimakutsata. Kumeneko sunganene kuti ukudwala kapena kuti ulibe. Ngakhale kunyumba kwagonedwa ndi njala, umaimirira nkunena kuti ndiwe mutu, osati mchira. Ine zimenezi zinkandinyansa, koma Edna zinkamuimitsa pa miyendo, ndiye ndinkangotseka pakamwa.

Chaka china, kutentha kwa Okutobala kuli pachimake, anamva kuti kasukulu kena ka ana aang'ono ku Lilanda kakufuna wosamalira malo. Ntchito yake inali kutsegula ndi kutseka geti, kusesa, kutsuka zimbudzi ndi kuyatsa pampu ya madzi. Malipiro anali ochepetsetsa, a nkhuku. Koma kuseri kwa makalasi kunali chipinda cha wantchitoyo, chasimenti, pamalo okwera. Edna sankafuna china ayi, ankafuna kuchotsa ana ake m'madzi mvula isanabwere.

Mwini sukuluyo anali mayi Kasoma, mphunzitsi wopuma pantchito. Anamufunsa za kumene anagwirako, za mankhwala otsukira, za ana. Zonse anayankha bwino. Kenako mayiwo anavula magalasi.

“Manje ba Edna, mu zaka faifi muziona kuti muzankala kuti?”

Edna anandiuza kuti anaona ngati akuyesedwa chikhulupiriro. Kunena kuti adzakhala akusesabe kukanakhala kudzitemberera ndi pakamwa pake. Anawongola msana nkuyankha monga amachitira Lamlungu.

“Nizankala manijala, madamu. Kapena nizankala na sukulu yanga, ikulu kuchila iyi. Mulungu sananipangile tsache.”

Mayi Kasoma sanaseke, sanakwiyenso.

“Pano palibe manijala, ba Edna. Pali ine, matichala batatu, na wosamala malo. Wosamala malo sakwela, palibe kokwela. Nifuna muntu wamene azankala, bana bamuzibe, makolo bamuzibe. Imwe mutima wanu uli kale panjila.”

Ntchito anapatsa mnyamata wina wa ku Matero. Edna anabwerera akunena kuti Mulungu wamusungira chachikulu. Ine ndinamukalipira pamaso pa ana. Ndinati mayi aja sanafunse maloto ako, amafuna kudziwa ngati akakupatsa makiyi udzakhalitsa. Ndinati papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Iye anangoyamba kuimba nyimbo yakutchalitchi, uku akutsuka mbale.

Mvula inabwera molusa chaka chimenecho, ndipo kolera inabwera nayo. Dumi anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mwana wosakhazikika, wokonda kuyendetsa zitsekerero za mabotolo pamadzi a pakhomo. Anayamba kutsegula m'mimba m'mawa, pofika madzulo maso anali atalowa. Anamutengera kumalo kumene ankagonekako odwala kolera, ndipo sanabwereko. Thupi sanatipatse kuti tisambitse. Tinaima patali, anthu ovala mapulasitiki nkumutsitsa m'manda.

A kutchalitchi anabwera kudzapepesa. Mayi wina anauza Edna kuti asalire ngati wopanda chiyembekezo, anene zabwino zokhazokha. Ndinamutulutsa mayi ameneyo ndi dzanja langa, ndipo mpaka lero sindinapepese.

Mvula itatha tinamva kuti mnyamata wa ku Matero uja wasiya ntchito, wapeza ya ulonda kumashopu a m'tauni. Mayi Kasoma anali akufunanso munthu. Edna sanandiuze kuti akupita. Anangondisiyira Tiwo m'mawa, nkukwera minibasi atavala chitenje chomwe anavala pamaliro.

Mayi Kasoma anamukumbukira. Sanadziwe za Dumi, ndipo Edna sananene, chifukwa sanafune kulembedwa ntchito mwachisoni. Mafunso anali omwe aja, ndipo lomaliza linali lomwe lija.

“Mu zaka faifi, ba Edna?”

Akuti m'mutu mwa Edna munali mawu a abusa akuti chimene wanena chimakutsata. Ankakhulupirirabe zimenezo, musaganize kuti anasiya. Anadziwa bwino lomwe kuti akudzimanga, ndipo anatsegula pakamwa dala.

“Nizankala pano, madamu. Pa geti yamene iyi. Niziba kuti kulibe kokwela, sinabwelele vokwela. Nifuna nikazibe pampu bwino, ikavuta musaziitana muntu pa vintu ving'ono. Nifuna nipunzile vochita mwana akazichita ngozi. Bana bamene bayamba manje, nizabaona bakasiliza. Na mwana wanga azankala mu giledi naini, azayenda kusukulu kuchokela pano.”

“Paja munakamba kuti muli na bana babili?”

“Ni umozi.”

Mayi Kasoma anamuyang'ana, nkuyang'ana chitenje chija. Anatsegula kabati nkutulutsa makiyi.

Papita mvula ziwiri tsopano. Edna ali pomwepo. Pampu amaidziwa kulira kwake, ana amamuitana kuti ba anti ba geti, ndipo makolo akachedwa amadziwa kuti mwana ali m'manja abwino. Malipiro sanasinthe kwenikweni, dzina la ntchito silinasinthe, ndipo silidzasintha. Kutchalitchi amapitabe, koma amakhala kumbuyo. Abusa akati aliyense aimirire anene kumene adzakhale chaka chamawa, iye amangoweramitsa mutu. Anzake ena amanong'onezana kuti anagulitsa tsogolo lake ndi chipinda chimodzi. Ndikawamva magazi amandiwira, chifukwa onsewo akukhalabe m'madzi.

Mwezi wa Januwale ndinapita kukamuona, mvula nkundipeza komweko. Inagwa yamphamvu, ija yomwe kwathu timayamba kukweza matiresi pamwamba pa tebulo. Tiwo anali pansi akulemba za kusukulu. Denga silinadonthe, ndipo pansi pa chitseko sipanalowe ngakhale dontho. Edna anaima pakhomo akuyang'ana madzi akutsetsereka kutuluka pageti. Kenako anatembenuka nkuloza pakona, pakati pa bedi ndi khoma, pamene sanaikepo kanthu chilowereni m'chipindamo.

“Mulamu, onani,” anatero. “Apa Dumi sembe anakwana.”

Ankatanthauza kuti Dumi akanakhala moyo, pakonapo akanakwanapo kugona. Ndinali nditamukalipira kale kamodzi, ndipo zimene ndikanamuuza ankazidziwa kuposa ine.