Jezi Nambala Naini pa Chingwe

Seveni koloko m'mawa inandipeza pa beseni lachitatu la masokosi, kuseri kwa chipinda chovalira, mwana ali kumsana. Ndine wochapa mayunifomu a timu. M'katimo a Tcheyamani ankakangana ndi a Bandeji.

A Bandeji ndi amene amasamala osewera akavulala. Ndi bambo aafupi, adazi, osasiyana ndi thumba la ayezi. Ukawafunsa kuti munthu achira liti amangoti, "Mnofu suwerenga kalendala."

Tsikulo ankalemba chikalata cha kalabu chonena za Mphezi, womwetsa zigoli wathu wovala nambala naini, yemwe anang'ambika mnofu wakuseri kwa ntchafu.

"Lembani masabata atatu," anatero a Tcheyamani. "Masapota akufuna tsiku, fainolo yayandikira."

"Likakwana tsikulo asanachire mukalowa ndinu, bwana? Ndi mimba imeneyo?"

Chikalata chinatuluka mmene a Bandeji anafunira, Mphezi atavomereza: amujambula kuchipatala, mnofu wang'ambika, wayamba mafizo, adzamuunikanso pakatha masabata awiri. Tsiku lobwerera m'bwalo munalibe.

Lachisanu lililonse ndimayanika majezi a okhawo amene asewere mawa lake, ndipo masapota amasuzumira pampanda kuwerenga manambala. Zimenezi ndinkazidziwa bwino. Koma sabata yachitatu Mphezi anabwera pabeseni panga.

"Alamu, jezi yanga ikuchita nkhungu m'kabati. Ichapeniko. Ndayambatu kuthamanga."

Anandimvetsa chisoni. Ndinaichapa, n'kuiyanika pakati pa zinzake. Sapota wina anakuwa pampanda, "Mayi, naini wabwerera?"

"Maso mulibe?" ndinayankha, ndikudzimva ngati kochi.

Pofika masana chithunzi cha chingwe changa chinali m'mafoni onse. Anthu ankati kalabu ikunama, a Bandeji akubisa munthu wabwinobwino. Loweruka Mphezi sanasewere, ndipo anthu anamuimba kuti ndi wamantha. Lolemba, a Bandeji atamulola kuthamanga pang'onopang'ono basi, iye analiyatsa liwiro kuti anthu aone. Sanafike ndi pakati pa bwalo. Anagwira ntchafu, n'kugwa chafufumimba.

Mnofu unang'ambikanso pomwe paja. Fainolo inamudutsa, ndipo pano akuyendera ndodo.

A Bandeji analemba chikalata chachiwiri, chopandanso tsiku. A Tcheyamani sanatsutse. Za chingwe a Bandeji sanazitchulemo, ngakhale matukwana onse anagwera iwowo. Masiku anayi ndinkalowera kugeti lakumbuyo kuti tisakumane.

Tsiku lachisanu a Bandeji anandipeza ndikufinya matawulo. Ndinalephera kudzutsa mutu.

"Ndine ndinayanika, bambo."

"Ndikudziwa. Chingwe chanu anthu amachikhulupirira kuposa siginecha yanga."

Anasisita mwana pamutu, n'kutulutsa jezi ija m'thumba mwawo, yopindapinda.

"Mayi a mwana, kaisungeni kwanu pansi pa sutikesi. Wina akabwera kudzakunyengererani, ngakhale akhale a Tcheyamani, muziti kiyi ali ndi Bandeji. Mudzaiyanike tsiku limene ndidzakuuzeni ineyo."