Pepala la Mabiliyoni Makumi Atatu

Ku banki yaikulu, ija imene mabanki ena onse amaigwadira, kunali mkulu wina amene tinkamutchula kuti a Pensulo. Dzinali linabwera chifukwa ngakhale makina owerengera atadzaza nyumbayo, iwo sanataye kapensulo kawo kokhala pakhutu. Anali munthu wamtali, wowonda ngati nsungwi, woyenda mwakachetechete ngati akuopa kudzutsa khanda. Desiki yawo inali pangodya, pansi pa windo losatsekeka bwino, ndipo mapepala ankawatsindira ndi chogwirira cha chitseko chakale kuti mphepo isawauluze.

Ntchito yawo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi inali imodzi: kupeza mwezi ndi mwezi kuti ndalama zimene anthu asunga m'matumba, m'mabokosi ndi m'matebulo a m'masitolo ndi zingati poyerekeza ndi zimene aika ku mabanki. Nambalayo inkakwera nawo masitepe kupita kwa bwana wa dipatimenti, kuchoka apo n'kulowa m'pepala lopita ku komiti yaikulu. Pansi pa pepalalo pankakhala mzere wa dzina la wolemba, ndipo mwa mwambo wa nyumbayo pankalembedwa dzina la bwana. Mabwana asanu anadutsa pampando umenewo, onse atanyamulidwa ndi manambala a a Pensulo, koma dzina la a Pensulo linali lisanapondepo m'chipinda cha komiti.

Sankadandaula pagulu. Koma mumtima ankalakalaka chinthu chimodzi asanapume pa ntchito: pepala limodzi lokha, lokhala ndi dzina lawo, lokagona m'nkhokwe ya mabuku a banki. Chaka chopumira chinali chitayandikira.

Chaka chimenecho malonda anali atazizira, mabanki akuuma manja pa ngongole. Komiti inaganiza zogula mabondi, zikalata za ngongole ya boma zimene mabanki ankasunga, kuti m'malo mwa zikalatazo mabankiwo akhale ndi ndalama zobwereketsa. Anagwirizana zogula mabondi a mabiliyoni atatu. Chotsala chinali pepala lofotokoza kuti ndalama zoyenda m'dziko zidzawonjezeka ndi zingati.

Bwana wa nthawi imeneyo ankatchedwa a Dokotala, osati a jakisoni, koma a mabuku. Tsiku lina m'mawa anaitana a Pensulo ku ofesi kwawo, anawapatsa mpando wofewa, mpaka anawathirira okha tiyi. A Pensulo anadziwiratu kuti nkhuku ikamwazidwira chimanga pakhomo penipeni, mpeni suli kutali.

"Achikulire," anatero a Dokotala, "lamulo likuti banki iliyonse isunge gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama zimene anthu aikako. Si choncho?"

"Ndi choncho, bwana."

"Ndiye banki ikalandira zana, isunga khumi, ibwereketsa makumi asanu ndi anayi. Zimenezo zikagwera ku banki ina, nayonso isunga chakhumi, zotsala ibwereketsa. Mapeto ake ndalama iliyonse ibala khumi. Atatu kuchulukitsa kakhumi, makumi atatu. Nkhani yatha."

A Pensulo anatsitsa pensulo pakhutu.

"Bwana, mwaiwala matumba."

"Matumba a ndani?"

"A anthu. Si ndalama yonse yobwerekedwa imene imabwerera ku banki. Pa zana lililonse lili ku banki, anthu athu amagwira makumi awiri m'manja. Munthu akalipidwa zana ndi makumi awiri, makumi awiriwo alowa m'thumba, ku banki kufika zana. Banki isunga khumi, ibwereketsa makumi asanu ndi anayi. Ndiye ulendo uliwonse gawo limodzi mwa anayi limatsalira panjira, osati limodzi mwa khumi. Ndalama ibala kanayi, bwana. Mabiliyoni khumi ndi awiri."

Anatembenuza envelopu yakale n'kulemba kumbuyo kwake. Mwa mabiliyoni atatu aja, awiri adzathera m'matumba mwa anthu. Imodzi yokha ndiyo idzatsale m'mabanki ngati gawo la lamulo, ndipo imodziyo ingachirikize mabiliyoni khumi a m'mabuku a banki. Khumi a ku banki, awiri a m'manja: khumi ndi awiri.

A Dokotala anaseka kuseka kwa munthu wophunzira.

"Zimenezo ndimazidziwa, madala, ndinaziphunzitsapo ana a eni. Koma nambala yanuyo ndi ya dzulo. Masiku ano ndani akuyenda ndi mpukutu m'thumba? Ndalama zili m'foni. Chaka chino chisanathe, makumi awiri anuwo adzakhala atasungunuka."

"Mwezi wathawu anali makumi awiri, bwana. Mwezi winawo makumi awiri. Chaka chatha..."

"Komiti ikufuna kumva kuti mankhwala ndi amphamvu. Ndikapite kukanena kuti khumi ndi awiri? Adzati nanga tikuvutikiranji?" Apa anatsitsa mawu. "Ndaganiza chinthu, achikulire. Mwatumikira nyumba ino nthawi yaitali. Pepala ili lipite m'dzina lanu. Lanu lokha."

Anakankhira pepalalo kutsogolo. Pansi pake dzina la a Pensulo linali litatayipidwa kale, lonse lathunthu, ndi la pakati lomwe limene ngakhale a malipiro ankalilumpha. Pamwamba pang'ono panali mabiliyoni makumi atatu.

"Mukaganize kunyumba," anatero a Dokotala. "Mawa m'mawa."

Madzulo ake a Pensulo anapeza akazi awo akusita pakhonde. Mayiwa ankasoka mayunifolomu a sukulu, ndipo lilime lawo linali lakuthwa kuposa sizasi yawo. A Pensulo anafotokoza zonse atakhala pampando wa ndalema, nsapato asanavule.

"Ndiye nambalayo ndi yabodza?" anafunsa mayiwo.

"Si yabodza kwenikweni. Ndi yoona m'dziko limene anthu ake alibe matumba."

"Dziko la amaliseche limenelo. Nanga bwana wanuyo, zaka zonsezi amadya yekha, lero wakumbukira bwanji kuti muli ndi dzina? Bambo a ana, munthu akakupatsani mpando wake mvula ikubwera, yang'anani kudenga."

"Ndikudziwa, mayi."

"Mukudziwa, koma nkhope yanuyo ikuwala ngati ya mkwati. Ine nsalu yoti ndalakwitsa kudula sindisokererapo chizindikiro changa."

A Pensulo ankaganiza za nkhokwe ya mabuku ija, mashelefu ake achitsulo, fungo la mapepala akale, ndi mdzukulu wina wosabadwa akutsegula faelo n'kupeza dzina la agogo ake. Anadzinyengerera monga timachitira tonse: mwina a Dokotala akunena zoona za mafoni, mwina anthu asintha, mwina komiti idzaiwala, pakuti makomiti amaiwala zambiri.

M'mawa mwake anabwereka cholembera cha inki kwa mlembi wa bwana, nasaina.

Mabondi anagulidwa. Mabanki anabwereketsa. Ndipo anthu, posadziwa kuti akulakwira pepala la munthu, anapitiriza kukhala ndi matumba. Woyendetsa basi ankafuna ndalama ya m'manja, wogulitsa makala chimodzimodzi, mmisiri womanga nyumba sankamva za foni. Chowawa n'chakuti amene ankawerengera zonsezi mwezi ndi mwezi anali a Pensulo omwewo. Mwezi uliwonse pensulo yawo inkatulutsa makumi awiri pa zana, ndipo mwezi uliwonse ankanyamula okha umboni wowatsutsa kukwera nawo masitepe. Sanasinthe ngakhale kadontho. Kunama kawiri sakanatha.

Itatha miyezi isanu ndi inayi, ndalama zinali zitawonjezeka ndi mabiliyoni khumi ndi awiri kupereweza pang'ono, chifukwa mabanki ena amantha anasunga zoposa zimene lamulo linkafuna. Komiti sinaiwale. Inaitanitsa mwini pepala. A Dokotala tsiku limenelo anali ku msonkhano wakutali umene sukanatheka popanda iwo.

Motero a Pensulo analowa m'chipinda cha komiti koyamba m'moyo wawo, atavala jekete la ukwati wa mwana wawo wamkazi. Tebulo linali lalitali, lonyezimira, kapeti yomeza mapazi. Wapampando, mayi wa imvi ndi magalasi pamphuno, anakweza pepala lija.

"Dzina ili ndi lanu, bambo?"

"Ndi langa, mayi wapampando."

"Munatilonjeza makumi atatu. Khumi ndi asanu ndi atatu enawo ali kuti?"

"Sanabadwe, mayi."

Wina anatsokomola pobisa chiseko. A Pensulo anapempha bolodi. Ndipo amene analipo amanena mpaka lero kuti m'chipinda chimenecho simunamvekepo kufotokoza komveka ngati kwa tsiku limenelo. Anayenda nayo ndalama kuchoka ku banki yaikulu, kulowa ku banki ya pamsewu, kupita kwa wobwereka, kwa womulipira, n'kuonetsa pamene thumba limaluma gawo lake ndi pamene lamulo limaluma lake. Anawauza kuti ndalama yogona m'thumba ili ngati mbewu yokazinga: ndi chakudya ndithu, koma simera. Anaonetsa kuti ngati ankafunadi makumi atatu, akanagula mabondi a mabiliyoni asanu ndi awiri ndi theka. Mawu awo, amene zaka zonse ankangonong'ona, anadzaza chipinda. Mkulu wina wa komiti mpaka ankalemba m'kabuku kake.

Wapampando anavula magalasi.

"Mwafotokoza bwino kwambiri. Zimenezi mwazidziwa liti?"

"Kalekale, mayi."

"Musanasaine?"

"Ndisanasaine."

"Nanga munasainiranji?"

A Pensulo anayang'ana pepala lija patebulo. Akanatha kutchula a Dokotala, tiyi uja ndi mpando wofewa. Koma dzanja losaina linali lawo.

"Dzinalo analitayipa bwino, mayi," anatero.

Palibe anaseka. Patapita sabata analandira kalata yowathokoza chifukwa cha utumiki wautali ndi kuwalola kukapuma miyezi inayi nthawi isanakwane. A Dokotala atabwerako ku msonkhano analemba pepala latsopano lochenjeza za kuopsa koiwala ndalama za m'manja mwa anthu, ndipo linayamikiridwa kwambiri.

Pepala la a Pensulo silinatayidwe. A dipatimenti yophunzitsa antchito atsopano analipeza lothandiza, nalichulukitsa. Aliyense wolowa ntchito ku banki yaikulu amapatsidwa kope lake sabata yoyamba, n'kuuzidwa kuti apeze cholakwa. Mwa mapepala onse a m'nkhokwe ija, ndi lokhalo limene limawerengedwa chaka ndi chaka. Mapepala a mabwana asanu aja akudyedwa ndi njenjete.

A Pensulo anamva zimenezi ali pa mzere wolandirira penshoni, kwa mayi wina amene ankagwira naye ntchito kale. Anasisita chipewa chawo.

"Amachipeza cholakwacho?" anafunsa.

"Ambiri amachipeza, achikulire. Ena mpaka tsiku lachiwiri."

"Aziwapatsa masiku atatu," anatero a Pensulo. "Asamawathamangitse ana. Aziliwerenga bwinobwino, mpaka pansi."