Foni ya Ba Clementina pa Misa

Ba Clementina, mlembi wa ku Lusaka wosadziwa kukana, foni yawo inalira ngati tambala pa Misa ku Nkomeshya ansembe atangokweza chikho. Mpingo wonse unatembenuka. Unali uthenga wa abwana awo, Lamulungu lachitatu lotsatizana: "Nifuna lipoti manje."

Anafika kunyumba atakwiya kwambiri. Anafuna kulalata, koma ntchito ankaifunabe. Analemba, nafufuta, nalembanso mpaka dzuwa kupendeka: "Ba bwana, pa Sande mameseji siniona. Lipoti muzaipeza pa desiki mailo, pa Mande m'mawa. Ngati ni vamwadzidzidzi, munitumile foni Misa ikasila."

Abwana anangoyankha kuti, "Chabwino."

Ba Febby oyandikana nawo nyumba atawerenga uthenga wa Ba Clementina anatsonya: "Imwe amake Daliso, Sande yonse kulemba tumizere tutatu? Mwabasebenzela futi mahala abwana anu, nchito yaulele!"