Mpweya ukulowa, magazi sakufika

Pali bambo wina amene wayendetsa lole zaka makumi awiri, ndipo anzake amamutcha Sindiima. Panjira samwa madzi, kuopa kuimika galimoto kuti akadzithandize. Amakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Mwezi watha anafika pakhomo mwendo wamanzere utatupa, koma sanasamale. Patapita masiku awiri, akumanga nsapato, anayamba kubanika, m'chifuwa mukubaya.

"Ndi chimfine chabe," anatero.

"Chimfine chanji chopanda mamina?" anafunsa mkazi wake. "Nyamukani, bambo a ana. Lero akuyendetsani ndi alamu anu."

Kuchipatala atamujambula m'chifuwa, dokotala sanazungulire.

"Magazi anaundana m'mwendomu chifukwa chokhalitsa pansi. Kachidutswa kake kanathothoka, kanadutsa mumtima, n'kukatseka mtsempha wa m'mapapo. Mpweya ukulowa ndithu, koma mbali yotsekekayo magazi oti autenge sakufikako. Mukanachedwa, tikanakamba zina."

"Ndiye kuti katundu ali pa depoti, koma msewu watsekeka," anatero dalaivalayo, akupumira m'mwamba.

"Mwamva bwino."

Anamuika pa okosijeni, n'kumubaya mankhwala oletsa magazi kuundana, kuti chotsekacho chisakule pamene thupi likuchisungunula pang'onopang'ono. Anamuuzanso kuti azimwa mapiritsi miyezi ingapo.

Tsiku lachisanu anayenda yekha mpaka kumapeto kwa khonde n'kubwerera, njira yonse akudandaula za bedi lolimba, osabanika ngakhale kamodzi. Mkazi wake anakhala pansi, n'kupuma.

"Mwayambanso kulongolola," anatero. "Basi, simufa."