Cheke ya Wowotcherera Mawindo

Chaka chimene ndinali msungichuma wa gulu la amayi pa parishi yathu ku Chowa, sitetimenti ya kubanki inabwera ikuonetsa K5,000, pamene buku langa la ndalama linkati K3,300. Amayi apampando anandiyang'ana ngati ndine wakuba, n'kufunsa kuti zotsalazo ndinkabisira yani.

Ndinayala mapepala onse awiri pabenchi, n'kuyamba kuchonga mzere ndi mzere. K300 ya inshuwalansi ya holo, imene banki imadula yokha mwezi uliwonse, ndinali ndisanailembe. Kumeneko ndinalakwa ndine, ndipo ndinailemba iwo akuona, buku n'kutsika kufika pa K3,000. Kenako ndinawaonetsa cheke ya K2,000 imene tinalembera bambo wa ku Makululu amene anatiwotcherera mawindo a tchalitchi. M'buku ndinali nditachotsa kale, koma iye anali asanapite nayo kubanki. Mukaichotsa pa K5,000 ija, mutsala ndi K3,000 yomweyo.

"Ndiye musamukumbutse," anatero apampando. "Ikatha miyezi sikisi cheke imafa. Tigulire zitenje za yunifomu."

Amayi ena anaomba m'manja. Koma ine ndinakana.

"Amayi, ndalama imeneyo si yathu. Yangochedwa kunyamuka."

M'mawa mwake ndinayenda wapansi mpaka ku Makululu kwa bambo uja. Cheke ndinaipeza m'buku lake la mapemphero, itapindidwa bwinobwino. Ankadikira tsiku loti akhale ndi ndalama ya minibasi. Ndinamulipirira, tinapita limodzi m'tauni, ndipo ndinaima naye pamzere mpaka anaipereka.

Pachisankho chotsatira sanandisankhenso. Mawindo aja alipobe, ndipo Lamlungu lililonse ndimakhala pafupi nawo, nditavala chitenje changa chakale.